Kota ya ekala ndi K250,000: matimati, anyezi, masamba kapena nkhuku?

"Ndili ndi dimba la kota ya ekala kwathu ku Mitundu, chitsime chilipo, ndalama ndasunga K250,000. Mwezi uno wa Epulo ndiyambe chiyani pakati pa matimati, anyezi, masamba ndi nkhuku zanyama? Ndithandizeni abale."

Achemwali, ndikanakhala ine nkhuku ndikanazisiya kaye. Zimakopa chifukwa pa masabata 6 zimakhala zakwana kugulitsa, koma werengani chakudya. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufika tsiku logulitsa, ndiye anapiye 50 akufuna matumba anayi a makilogalamu 50. Funsani mtengo wa matumba anayiwo, muwonjezere anapiye, katemera wa chitopa ndi gumboro, ndi makala owafunditsira usiku wa Juni. Ndalama yanu ithera pomwepo. Ndipo nkhuku ikakwana koma ogula palibe, imangodyabe phindu lanu tsiku ndi tsiku.

Matimati ndi amene ndikufuna muwaganizire mofatsa, chifukwa anandiliritsapo. Pa nazale amakhala mwezi umodzi, mukawokera mumayamba kuthyola patatha miyezi iwiri ndi theka kapena itatu. Mukafesa kumapeto kwa Epulo, dengu loyamba lituluka mu Ogasiti, nthawi imene aliyense wa dimba akuthyolanso. Chaka china ndinafika pamsika m'mawa ndi madengu asanu ndi limodzi, ndinapeza mzere wa madengu mpaka kumsewu. Mavenda amangodutsa n'kumatchula mtengo wawo, podziwa kuti sitingabwerere nawo kunyumba. Pofika madzulo a pansi pa dengu anali ataphwanyika, madzi akudontha. Ndinagulitsa mongotaya.

Mtengo wabwino wa matimati umabwera nthawi ya mvula, cha mu Januwale mpaka Malichi, koma umakwera chifukwa kulima kwake nthawi imeneyo n'kovuta. Chiwawu chimagwira masamba, amachita madontho akuda n'kuuma ngati awauka ndi moto, ndipo popanda kupopera mankhwala ngati Dithane sabata ndi sabata munda umatha. Palinso kambozi kaja kotchedwa Tuta, kolowa m'kati mwa tsamba ndi kuboola chipatso. Kota ya ekala ndi malo okwana mamita 1,000 a sikweya. Mukabzala motalikanitsa masentimita 90 pakati pa mizere ndi 60 pakati pa mapando, n'kusiya tinjira, mbande zikhala pafupifupi 1,500. Iliyonse ikufuna mtengo woimikira, feteleza ndi mankhwala. K250,000 singakwanitse zonsezi.

Ndiye dimbalo ligaweni. Gawo limodzi mwa magawo atatu mubzale mpiru ndi repu. Mbewu yake ndi yotsika mtengo, manyowa a khola owolerana amathandiza kwambiri, ndipo mumayamba kuthyola patatha masabata atatu kapena anayi chiwokereni. M'nyengo yozizira amakula bwino. Musafese onse tsiku limodzi, fesani bedi latsopano masabata awiri aliwonse kuti musamasowe chopita nacho kumsika. Ndalama yake ndi yochepa koma imabwera sabata iliyonse, ndiyo imene izilipira wothirira. Kumbukirani kuti masamba akagona afota, choncho musanafese yendani pamsika wa Mitundu mugwirizane ndi amayi awiri kapena atatu ogulitsa ndiwo kuti azidzatenga kudimba.

Magawo awiri otsalawo ikani anyezi, ndipo fesani msanga mwezi uno usanathe. Amafuna kuleza mtima: masabata 6 mpaka 8 pa nazale, kenako miyezi inayi m'munda, kukolola cha mu Seputembala kapena Okutobala. Nthawi imeneyo mtengo umakhala pansi, koma anyezi amadikira, zimene matimati sangachite. Gulani mbewu ya Red Creole, wofiira uja. Texas Grano amabereka mitu ikuluikulu koma sachedwa kuwola. Mukaona makosi ayamba kugwa, lekani kuthirira, muzule patatha masiku angapo, muumitse pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume gwa. Amene khosi lake ndi lonenepa ndi lofewa gulitsani nthawi yomweyo, sasungika. Otsalawo mangani m'mitolo, mupachike pouma, mudzatulutse mvula ikagwa mtengo utakwera.

Chinthu chimodzi mukachione mawa lomwe: chitsime chanucho chimafika Seputembala chili ndi madzi? Afunseni achikulire oyandikana nanu. Ngati chimaphwa mu Ogasiti, chepetsani anyezi akhale theka la dimba, chifukwa akasowa madzi pamene akupanga mitu mudzakolola timitu tating'onoting'ono. Matimati mudzayese mbande 200 zokha mu Novembala, pamalo okwera posadikha madzi, ndi ndalama yochokera ku masamba.