Chifukwa chake phala la fulawa limamatuka pokazinga, ndiponso kutentha koyenera kwa mafuta

"Zikomo, ndithandizeni. Ndikaviika nsomba kapena nkhuku m'phala la fulawa n'kuponya m'mafuta, phalalo limamatuka n'kumayandama palokha, nyama n'kutsala yosavala. Tsiku lina likamatirira, khoko lake limatuluka lofewa, lodzaza mafuta, losakukutika. Kodi ndikulakwitsa fulawa, kapena ndi moto?"

Fulawa musiyeni, kawirikawiri alibe mlandu. Mavuto anu awiriwa gwero lake ndi limodzi, madzi. Poyamba ndi madzi amene ali pamwamba pa nsombayo musanaiviike, kenako ndi madzi amene ali m'phalamo, omwe mafuta ayenera kuwatulutsa msanga. Tiyambe ndi oyambawo chifukwa ndi amene amavula nsomba.

Madzi amawira pa madigiri 100, pamene mafuta okazingira amakhala cha pa 180. Ndiye kadontho kalikonse kamene katsalira pakati pa nsomba ndi phala kamasanduka nthunzi mwadzidzidzi, ndipo nthunzi imafuna malo aakulu kwambiri kuposa madzi amene yachokerako. Ikasowa potulukira imakankha phalalo. Ngati phala linali lisanagwire, limachoka lonse. Ngati linagwira kale, mumapeza khoko lotupa lokhala ndi mphako m'kati, ndipo mukangodula ndi mpeni nsomba imasololoka. Onjezerani apo kuti nsomba ndi nkhuku zimakhwinyata zikamapsa pomwe khoko silikhwinyata, muona kuti zikapanda kumatana bwino pachiyambi, kulekana kwake sikuvuta.

Choncho ntchito imayamba musanayatse n'komwe moto. Pukutani chidutswa chilichonse ndi pepala la m'khitchini kapena kansalu koyera mpaka chala chikamakhudza chisaterereke. Ngati nsomba inali youma ndi chisanu, isungunuke yonse kaye m'filiji, chifukwa yosungunuka theka imapitiriza kutulutsa madzi ili kale m'mafuta. Mchere nawonso umakoka madzi: mukathira, dikirani mphindi 15, madzi atuluke, mupukutenso. Choipa ndi kuthira mchere, kusiya mphindi zisanu, n'kuviika chidutswacho chikuchita thukuta. Nkhuku yomwe munainyika m'zokometsera zamadzimadzi kapena zamafuta imafunanso kuipukuta chimodzimodzi. Musaope, kukoma kunalowa kale.

Mukapukuta, gubuduzani chidutswacho mu fulawa wouma. Ambiri amadumpha pamenepa, komatu ndi pomwe pagona nkhani. Phala ndi lonyowa, nsomba ndi yoterera, ziwirizi sizigwirana zokha. Fulawa woumayo amamwa chinyezi chotsala n'kusanduka ulimbo wogwira mbali zonse ziwiri. Koma akhale wochepa zedi. Gwedezani, menyani pang'ono ndi dzanja mpaka mtundu wa nsomba uzioneka kudzera mu fulawayo. Akachuluka, phala limamatirira pa fulawa wosagwira paliponse ndipo limachoka naye limodzi. Njira yodziwira ndi iyi: tembenuzani khoko lomwe lamatuka. Mukaona m'kati mwake muli ufa woyera wouma, fulawa anachuluka. Mukaona muli monyowa, moterera, nsomba simunaipukute mokwanira. Ndipo musapake fulawa zidutswa zonse n'kuziunjika m'mbale kudikira mafuta, pakuti zimanyowanso n'kuchita manata. Pakani, viikani, ponyani, chidutswa chimodzi chimodzi.

Tsopano phala lenilenilo. Pa nsomba yopanda minga yolemera magalamu 500, yodulidwa zidutswa zochindikala masentimita awiri, tengani fulawa magalamu 120, sitachi wa chimanga magalamu 30, supuni yaing'ono imodzi ya bekini pauda, theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndi madzi ozizira kwambiri mamililita 200. Sakanizani zouma kaye, thirani madzi, takasani pang'ono chabe, mibulu ing'onoing'ono ikatsala isiyeni. Fulawa wa tirigu mukamutakasa nthawi yaitali amayamba kutamuka, chifukwa cha chija amati guluteni, ndipo phala lotamuka limasunga madzi, khoko lake limakhala ngati la buledi osati lokukutika. Madzi ozizira amachedwetsa kutamukako, ndipo sitachi alibe guluteni, n'chifukwa chake timamuikamo. Bekini pauda amapanga timabowo ta mpweya tomwe timachititsa khoko kukhala lopepuka. Phalali likonzeni mafuta atatsala pang'ono kufika, osati ola lathunthu zisanachitike.

Kulimba kwake yesani ndi chala kapena supuni. Mukaviika n'kutulutsa, phala likute supuniyo osaonetsa chitsulo, koma lizidontha mosadukiza. Likamayoyoka lonse n'kusiya supuni poyera, lachuluka madzi, silingagwire nsomba, onjezerani supuni ya fulawa. Likamagwa m'mibulu, lalimba, ndipo lidzapsa kunja m'kati muli phala laliwisi, onjezerani madzi pang'onopang'ono. Fulawa amasiyana kamwedwe ka madzi, choncho khulupirirani supuni kuposa muyeso.

Kaponyedwe kamavulanso nsomba zambiri. Mukangochiponya, chidutswa chimamira mpaka pansi phala lidakali lamadzi, limamatirira ku poto, ndipo mukachikanganula khoko limatsalira pomwepo. M'malo mwake, gwirani chidutswacho kunsonga ndi chopanira, lolani phala lowonjezera lidonthe, lowetsani theka lake m'mafuta, gwirani choncho masekondi anayi kapena asanu, kenako muchisiye mochigoneka kuloza kutali ndi inu kuti mafuta asakuthovukireni. Masekondi amenewo ndi okwanira kuti kunja kugwire. Mukatero chisiyeni mphindi imodzi yathunthu osachikhudza. Dzanja limayabwa, ndikudziwa, koma kutembenuza msanga ndi kung'amba. Ngati mumagwiritsa ntchito dengu la waya, likhale lili kale m'mafuta, osati kuyalamo nsomba lili panja, apo ayi phala limalowa m'mawaya n'kuumira momwemo.

Tibwere ku moto. Khoko limakukutika chifukwa lauma, basi. Thovu lomwe mumaliona pokazinga si mafuta akuwira, ndi nthunzi ikuthawa m'phala. Mafuta akakhala pakati pa madigiri 175 ndi 185, phala limagwira m'masekondi ochepa, madzi amatuluka mwamphamvu, ndipo khoko limauma n'kufiira pa nthawi yomweyo imene nsomba ya masentimita awiri imapsa, mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri.

Mafuta akatsika kufika cha pa 150, zonse zimachedwa. Phala limakhala lamadzi nthawi yaitali, mwina n'kuyamba kuyoyoka, zomwe zikutanthauza kuti mafuta ozizira amavulanso nsomba. Nsomba imapsa khoko lisanaume, ndiye mumavuula chinthu chotuwa, cholemera, chonona mafuta, chomwe chimalefuka chisanafike patebulo. Akapitirira 195 vuto limatembenuka: kunja kumada m'mphindi ziwiri, mumavuula poopa kupsereza, koma pansi pa khokolo pali phala losapsa. Chinyezi chake chimabwerera kunja n'kufewetsa khoko lonse. Apa m'pamene anthu amasokonezeka, chifukwa moto wochepa ndi moto wochuluka zonse zimathera pa khoko lofewa. Kusiyanitsa kwake ndi mtundu: lotuwa ndi lofewa, mafuta anazizira, lakuda ndi lofewa, anatenthetsa.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti mafuta sakhala pomwe munawasiya. Tinene kuti muli ndi lita imodzi ndi theka pa madigiri 180. Mukaponyamo magalamu 500 onse a nsomba yozizira kamodzi, kutentha kumagwa kwambiri, mosavuta kufika pansi pa 150, ndipo chitofu cha pakhomo chimatenga mphindi zingapo kuti chikubwezeretse. Mphindi zimenezo ndi zomwezo zimene phala limafunika kugwira. Gawani nsombayo patatu. Yambani pa 185, ikani zidutswa ziwiri kapena zitatu zosakhudzana, kwezani moto pang'ono, ndipo yesetsani kuti musatsike pansi pa 165. Mukavuula, dikirani mafuta abwerere pa 180 musanaike zina. Gulu lachiwiri ndi lomwe limaonongeka kawirikawiri, chifukwa cha changu. Poto wochindikala amathandiza pakuti amasunga kutentha, ndipo mafuta akhale akuya masentimita asanu kapena kuposerapo kuti chidutswa chiziyandama, koma asapitirire theka la poto chifukwa thovu limakwera.

Choyezera kutentha cha m'khitchini chimathetsa kulota, ndipo mwa zida zonse ndicho ndingakulimbikitseni kugula. Ngati mulibe, donthezani kadontho ka phala. Kakamira n'kukhala pansi phee, mafuta sanafike. Kakamira pang'ono n'kubwerera pamwamba m'sekondi imodzi kapena ziwiri kali ndi thovu, ayamba bwino. Kakapanda kumira n'komwe, n'kufiira nthawi yomweyo, apitirira, ndipo mukaona utsi chotsani poto pamoto. Mverani ndi khutu lomwe: phokoso lamphamvu losadukiza ndi labwino, likazilala mutangoika chakudya ndiye kuti mwadzaza. Likazilala kumapeto, khoko litafiira, ndiye kuti madzi atha, vuulani.

Nkhuku ya mafupa ndi nkhani ina pang'ono. Imafuna mphindi 12 mpaka 15 kuti m'kati mufike madigiri 74, ndipo phala silingapirire nthawi yonseyo pa 180. Kazingani pa 160 mpaka 165 kufikira itapsa, vuulani, ipume mphindi zisanu, kenako ibwezereni pa 190 kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Popuma paja chinyezi cha m'kati chimatulukira m'khoko, ndipo kukazinga kwachiwiri kumachiumitsa. Kapena dulani nkhukuyo tizidutswa topanda mafupa, muzikazinga ngati nsomba.

Pakati pa gulu ndi gulu, vuulani tizinyenyeswa ta phala totsalira m'mafuta, chifukwa timapserera n'kuwawitsa zotsatira. Zomwe mwavuula musaziunjike m'mbale kapena kuvindikira. Nthunzi ikupitirirabe kutuluka, ndipo ikatsekeredwa imanyowetsa khoko lomwe mwavutikira. Ngakhale pepala limanyowetsa mbali yapansi mukasiyapo nthawi. Yalani pa kathandala ka waya kuti mpweya uzidutsa pansi, wazani mchere zidakali zotentha, ndipo ngati pali zina zoti mukazinge, sungani zoyambazo mu uvuni wa madigiri 100 zili pawaya pomwepo, osapitirira mphindi 20.