Mjigo sukonzeka ndi mawu akuti "ukonzedwe"

"Ndine mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu. Pa msonkhano wa mwezi watha ndinalemba m'maminitsi kuti: 'Mjigo ukonzedwe msanga. Ndalama zitoleredwe. Nkhani ya mpanda ionedwe.' Papita masabata atatu, palibe chachitika, aliyense akuti amayesa achita ndi mnzake. Ndinalakwitsa pati? Komanso ndimaopa kutchula akuluakulu, zingaoneke ngati ndikuwalamula."

A Mlembi, tengani pepala lanulo muwerenge ziganizo zitatuzo mokweza, ndipo pothera pa chilichonse mudzifunse kuti "ndi ndani?" Mupeza kuti pepalalo silikuyankha. Muli mjigo, muli ndalama, muli mpanda, koma mulibe munthu ngakhale mmodzi. Ndiye amene akukuuzani kuti amayesa achita ndi mnzawowo sakunama ayi. Pepalalo silinatume aliyense.

Chimene chinameza anthuwo ndi kachidutswa kamene timaphatika kumapeto kwa mneni, -idwa kapena -edwa. Gula amasanduka gulidwa, konza amasanduka konzedwa, tolera amasanduka toleredwa. Kachidutswa kameneka kakangolowa, chinthu chochitidwacho chimabwera kutsogolo n'kukhala mwininkhani, ndipo wochitayo angathe kuchoka m'chiganizo osasiya ndi mapazi omwe. Chiganizo chimamvekabe bwino, chathunthu, mwinanso chaulemu, n'chifukwa chake alembi ambiri saona kuti mwasowa kanthu. Mbale wake wa -edwa ndi -ika kapena -eka, ndipo ameneyu ndiye woopsa kwambiri. "Ndalama zikapezeka, mjigo ukonzeka." Apa zikumveka ngati ndalama zimamera zokha ngati bowa wa m'dzinja.

Palinso msampha wina umene ndi wathuwathu wa Chichewa. Mungachotse -edwa n'kulemba kuti "adzatolera ndalama Loweruka", n'kumati mwakonza. Koma a- ameneyu amaimira zinthu zitatu: munthu mmodzi amene tikumpatsa ulemu, anthu ambiri, kapenanso anthu osadziwika, monga tikamati "akuti kubwera mvula". Amene anali pamsonkhano angakumbukire tsiku limenelo kuti amanena yani. Pakapita sabata, a Tcheyamani amati ndi a Msungichuma, a Msungichuma amati ndi achinyamata. "Tidzatolera" nayenso n'chimodzimodzi, chifukwa ntchito ya tonse ilibe mwini. Choncho udindo kapena dzina la munthu lilembedwe lonse kumayambiriro kwa chiganizo. (Taonani, nanenso ndalemba "lilembedwe". Ndikonze: inuyo a Mlembi mulilembe.)

Tsono tiyeni tikonze chiganizo choyamba chija. Mkati mwa "mjigo ukonzedwe" muli ntchito zingapo za anthu osiyana. Tinene kuti ndi mjigo wa Afridev, umene uli wofala m'midzi yathu, ndipo vuto lake n'loti amayi akupopa nthawi yaitali madzi asanatuluke, kapena chogwirira chikugwedera uku ndi uku. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti labala wa pansi kapena mabushi atha. Wina ayenera kuitana makaniko kuti azule ndodo za mkati mwa mjigo aone chatha n'chiyani, wina akagule, wina atulutse ndalama. Maminitsi ake akanakhala otere:

"A Tcheyamani aimbira foni makaniko wa m'dera mawa Lachiwiri n'kumupempha kuti abwere Lachinayi m'mawa. Makaniko akanena zofunika kugula, a Msungichuma atapa ndalama m'thumba la mjigo, akagula zipangizozo pasanafike Loweruka, ndipo abweretsa lisiti ku komiti."

Latalika, inde. Mawu atatu asanduka mizere itatu. Koma Lachitatu mukakumana ndi a Tcheyamani panjira mungathe kuwafunsa kuti, "Bambo, munamupeza makaniko uja?" ndipo yankho likhala eya kapena ayi. Ndi pepala lakale lija mukanafunsa yani, n'kufunsa chiyani?

Pa ndalama napo: "A Msungichuma ndi Wachiwiri kwa Tcheyamani ayenda khomo ndi khomo kutolera K500 pa banja kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. A Msungichuma alemba dzina la aliyense wopereka m'kaundula." Mwaona kuti pamene ndatchula anthu awiri, ndasiyanitsabe wogwira kaundula. Mukatuma awiri ntchito imodzi osanena wogwira cholembera, mudzapeza ndalama zili m'mpango koma maina palibe.

Chiganizo chanu chachitatu ndicho chandigwira mtima kwambiri, chifukwa matenda ake sachira ndi dzina lokha. Lembani kuti "a Tcheyamani aona nkhani ya mpanda": wochita alipo, koma ntchito palibe. Kuona nkhani ndiko kutani? Munthu angathe kudutsa pamjigopo, n'kuyang'ana mbuzi zikumwa m'chithaphwi, n'kubwera kudzanena moona mtima kuti waiona. Aneni amtunduwu ndi ambiri, ndipo amatikomera chifukwa timawamva pa wailesi tsiku ndi tsiku: kuunika, kuonetsetsa, kulimbikitsa, kuyesetsa, kuthana ndi vuto, kuchitapo kanthu. Onsewa alibe tsiku limene munganene kuti atha. Muyeso wanga ndi uwu: kodi mwana ataimirira pambali angaone munthuyo akuchita zimenezo? Kuimba foni angaone. Kuyeza ndi chingwe, kuwerenga njerwa, kukumba, kusaina, kupereka lisiti, zonsezi angaone. Kuonetsetsa sangaone.

Koma apa ndikufunseni chinthu chimodzi. Kodi pa mpandapo munagwirizanadi kanthu? Ine ndakhalapo mlembi, ndipo ndikudziwa kuti "ionedwe" amalembedwa pamene dzuwa lapendeka, anthu atopa, wina akufuna mpanda wa njerwa, wina wa mitengo, ndipo palibe amene wagonja. Ngati zinali choncho, musapeke wochita. Lembani zoona: "Komiti sinagwirizane za mtundu wa mpanda. A Mlembi afunsa amisiri awiri mtengo wa mpanda wa njerwa n'kudzanena pa msonkhano wotsatira." Mukalephera kupeza mneni wogwirika, nthawi zambiri vuto silikhala la cholembera, limakhala loti msonkhano unabalalika chigamulo chisanapse.

Za mantha anu aja, ndikuwamvetsa. Kwathu kuno mwana satuma mkulu, ndipo -edwa timamukonda chifukwa saloza chala. Koma njira ilipo. Musakalembe maina muli nokha kunyumba. Pemphero lotsekera lisanachitike, pemphani mpata: "A Tcheyamani, ndiloleni ndiwerenge zimene tagwirizana kuti ndisalakwitse polemba. Za makaniko, ndilembe kuti aimba foni ndani?" Mukhale chete, mudikire. Wina ayankha, ndipo akayankha pagulu inu mulemba kuti "a Tcheyamani avomera kuimbira foni makaniko". Mawu akuti avomera achotsa lamulo lonse. Mwangosunga lonjezo la mwini wake. Ulemu uli pa a- ndi pa udindo wawo, sunachoke.

Sindikunena kuti -edwa mumutaye. Mukadzuka m'mawa n'kupeza mabawuti a mjigo palibe, lembani kuti "mabawuti abedwa usiku wa Lamlungu", chifukwa wakubayo simukumudziwa, ndipo kutchula munthu mongoganizira kungakufikitseni kubwalo la amfumu. Pofotokoza zimene zachitika kale, makamaka pamene mlandu sunaweruzidwe, -edwa amateteza. Pogawa ntchito zam'tsogolo ndiye sayenera. Ndiye mzere wotsatira pansi pa mabawuti obedwawo ukhale woti, "A Tcheyamani akanena za kubaku kwa a Nyakwawa lero madzulo."

Msonkhano wa mwezi uno musaudikire. Lembaninso mfundo zitatu zija, pamalo a wochita musiye mpata, mupite nazo kwa a Tcheyamani lero lino mukadzaze limodzi.