Ndime ya mwana wa Fomu 3 ikamangobalalika

"Ndimaphunzitsa Chichewa Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera, ndipo ana m'kalasi ndi opitirira 80. Akalemba chimangirizo, ndime imodzi imadzaza tsamba lonse, chiganizo chilichonse n'kumayamba ndi 'kuwonjezera apo'. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, poyamba alandeni kaye mawu olumikizirawo kwa sabata ngakhale ziwiri. Mwana amathawira kwa "kuwonjezera apo" chifukwa sakudziwa ubale wa chiganizo chimene walemba ndi chimene akufuna kulemba. Mawuwo amangophimba dzenje. Mukawachotsa, dzenjelo limaonekera, ndipo mpamene mungayambe kulikwirira.

Tiyerekeze mwawapatsa mutu wa kudula mitengo. Ambiri alemba zonga izi: "Kudula mitengo ndi koipa. Kuwonjezera apo mitengo imatipatsa zipatso. Kuwonjezera apo makala akwera mtengo. Kuwonjezera apo boma lichitepo kanthu." Mfundo zinayi, palibe ngakhale imodzi yatambasulidwa. Lembani ndime yotere pabolodi, muwafunse kuti ikunena chinthu chimodzi chiti. Akakangana, awuzeni kuti kukanganako ndiye umboni woti ndime yawonongeka.

Kenaka gwirani chiganizo chotsogolera chokha. Muyeso wake ndi uwu: munthu akachimva azitha kufunsa kuti "mwadziwa bwanji?" Chiganizo choti "M'ndime ino ndikamba za mitengo" chikulephera, poti sichinanene kanthu koti wina n'kutsutsa. Choti "Kudula mitengo ndi koipa" chakula kwambiri, chikufuna chimangirizo chathunthu. Koma "Kudula mitengo m'mapiri kumaika pangozi anthu okhala m'munsi mwake" chakwana ndime imodzi, ndipo chikuitana chokha umboni.

Umboni ndi chinthu chokhala ndi malo, nthawi kapena dzina. "Anthu ambiri amavutika" si umboni, ndi mfundo yomwe ija yavala malaya ena. Uwu ndiye umboni: "Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa chimvula ku Blantyre, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe." Mwana amene sadziwa za Chilobwe atchule mtsinje wa kwawo umene unasefukira, bola chikhale chinthu chimene chinachitikadi. Ziwerengero zongopeka muzikane poyera, chifukwa ana akazindikira kuti nambala imakometsa ndime amayamba kuzipanga okha.

Pamene ana ochuluka amagwera, ngakhale anzeru amene, ndi chiganizo chotsatira umboni. Amaganiza kuti akatchula Chilobwe ntchito yatha. Koma wowerenga akhoza kunena kuti mvula inangochuluka, mitengo ikubwera pati? Mwana ayenera kuyankha yekha: "Mizu ya mitengo imagwira dothi, ndipo masamba ogwa pansi amachepetsa liwiro la madzi. Phiri likakhala lopanda mitengo, dothi lonyowa limatsetsereka mosavuta." Ine ndimawakhazika awiriawiri, wina awerenge umboni wake mokweza, mnzake afunse kuti "ndiye zikugwirizana bwanji?" Yankho limene mwana wapereka pakamwa ndi limene alembe. Kawirikawiri limakhala labwino kuposa limene akanalemba ali chete.

Apa tsopano abwezereni mawu olumikizira, koma aliwonse ndi ntchito yake. "Mwachitsanzo" amatsegulira umboni. "Izi zili choncho chifukwa" amatsegulira kufotokoza. "Choncho" amafuna kuti chapambuyocho chibadwe kuchokera m'chimene changonenedwa. "Komabe" amabwera pokhapo pali kutsutsa, monga "Komabe, mvula ya Freddy inali yochuluka moti ngakhale malo ena a mitengo anagumuka." Nanga "kuwonjezera apo" uja? Malo ake ndi pamene mwana akubweretsa umboni wachiwiri wa mfundo yomweyo. Ngati zimene zikubwera ndi za kukwera mtengo kwa makala, imeneyo ndi ndime ina, adumphe mzere.

Pa za makope 80, simungawerenge liwu lililonse sabata iliyonse. Auzeni adule mzere kunsi kwa chiganizo chotsogolera cha ndime iliyonse ndi kuzunguliza umboni. Inu werengani za mizerezo motsatana. Zikamveka ngati chidule cha chimangirizo chonse, mwanayo wagwira. Kope lopanda chozungulizidwa libwerere osachongedwa.

Chenjezo limodzi: dongosololi ndi la chimangirizo chofotokoza kapena cha mtsutso. M'nkhani yopeka ndime imasintha nthawi, malo kapena wolankhula akasintha, ndipo mwana akaumirira kuika chiganizo chotsogolera pamenepo nkhani imauma. Ziphunzitseni pa masiku osiyana, apo ayi pofika mayeso a Fomu 4 adzazisakaniza.