Mmisiri walemba mizere inayi, abwana akufuna nkhani

*"Ndine mlembi pa kabungwe kena kosunga ndi kubwereketsa ndalama ku Dedza. Mnyamata wathu wa zamakompyuta wandisiyira izi kuti ndifotokozere abwana m'Chichewa. Ndayesa kumasulira liwu ndi liwu koma sizikumveka. Ndiyambire pati?"*

```
02:14 disk /var 100%
02:15 mysql down
07:40 cleared old logs, restarted svc
07:52 OK. logrotate not running, RCA pending
```

Mayi, yambirani pa mneni. Mmisiri amalemba ngati wodzikumbutsa yekha, choncho amataya wochita ndi nthawi yomwe. Chichewa sichilola zimenezo. Mneni wathu amanyamula wochita ndi nthawi m'thupi mwake, ndiye mukangoyamba chiganizo mwakakamizika kusankha: chinazima, chazima, kapena chimazima?

Tengani mzere wachiwiri. Musalembe kuti "yagwa" kapena "ili pansi", abwana angapite kukasuzumira kunsi kwa tebulo. `mysql` ndi pulogalamu yosunga kaundula wa mamembala ndi ndalama zawo, ndipo inasiya kugwira ntchito. Koma samalani mchira wa mneni. "Inazima" ndi "inazimitsidwa" ndi nkhani ziwiri, monganso "yawonongeka" ndi "yawonongedwa". Mchira wa -dwa umaloza chala: pali munthu amene anachita. Mukalemba kuti "inazimitsidwa 2 koloko usiku", funso loyamba la abwana likhala lakuti analowa mu ofesi ndani, ndipo mlonda wosalakwa aitanidwa. Pano palibe anaikhudza. Malo osungira mafayilo otchedwa `/var` anadzaza, pulogalamuyo inasowa polemba, n'kuima patangotha mphindi imodzi. Mawu akuti "chifukwa" mmisiri sanawalembe, anangosanja mizere iwiri motsatizana. Muwaike ndinu, mutamufunsa kaye ngati zilidi choncho.

Pa mzere wachitatu wochita alipo, choncho mutchuleni: "mmisiri wathu anafufuta". Kungoti liwu la kufufuta pa bungwe la ndalama limadumphitsa mtima. Nenani msanga chimene chinafufutidwa: mafayilo akale amene makina amadzilembera okha za mmene akuyendera, osati kaundula wa mamembala.

Msampha weniweni uli pa `OK`. Ambiri angalembe kuti "vuto lakonzedwa". Nthawi imeneyi ya -a- imanena kuti chinthu chachitika ndipo chikadali chomwecho, monga "mvula yakata". Abwana akawerenga "lakonzedwa" atseka fayilo n'kupita ku msonkhano. Koma mzere womwewo ukuti `logrotate`, kapulogalamu kamene kamapanikiza ndi kuchotsa mafayilo akale aja pakokha, sikakugwira ntchito. Ndiye kuti malo adzadzanso. Mmisiri wapungula madzi mu ndowa, denga likadadontha. Mneni woyenera ndi "yayambanso kugwira ntchito", kenako "koma gwero la vuto lidakalipo". `RCA pending` akutanthauza kuti sanapezebe chimene chinaimitsa kapulogalamuko, ndipo -be ameneyu ndi wofunika: "sanapeze" imamveka ngati walephera, "sanapezebe" imasonyeza kuti akufufuza.

Za nthawi, musakopere manambala okhaokha. Kuchokera 02:15 kufika 07:52 ndi maola 5 ndi mphindi 37, koma ngati mumatsekula 7:30 m'mawa, mamembala anadikira mphindi 22 zokha. Abwana akufuna nambala yachiwiriyi, chifukwa ndi imene adzayankhire anthu akadandaula.

Chinthu chimodzi mizereyi sikunena n'komwe: kodi pali zolembedwa za ndalama zimene zasokonekera pamene pulogalamu inaima mwadzidzidzi? Musalembe "palibe chatayika" pofuna kusangalatsa abwana. Ndaonapo alembi akuwonjezera chiganizo chimenechi chifukwa chakuti chimakoma m'khutu. Funsani mmisiri, ndipo ngati sanayang'ane, lembani zomwezo. Mumufunsenso kuti akufuna nthawi yaitali bwanji, pakuti abwana sangavomereze pempho lopanda malire. Tinene kuti wakuuzani ola limodzi. Kalata yanu ingakhale yotere, kuyambira pa zimene abwana achite, osati pa 02:14:

"Bwana, tikupempha chilolezo choti mmisiri wathu azimitse makina kwa ola limodzi lero tikaweruka. Usiku wathawu, cha m'ma 2 koloko, pulogalamu yosunga kaundula wa mamembala inaima chifukwa malo osungira mafayilo anadzaza. Mmisiri anafufuta mafayilo akale a makina, osati a mamembala, ndipo pulogalamuyo inayambanso kugwira ntchito nthawi ya 7:52 m'mawa. Mamembala anadikira mphindi 22. Gwero la vuto lidakalipo: kapulogalamu kochotsa mafayilo akale sikakugwira ntchito, ndipo sitinadziwebe chifukwa chake. Tikapanda kukonza, malowo adzadzanso. Mmisiri sanatsimikizebe ngati zolembedwa za dzulo zili zonse. Atiuza lero masana."