Ovataimu imayamba pa ola la 45 kapena la 48?

"Ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Kapata kuno ku Chipata. Kontrakiti yanga imati maola 45 pa sabata, malipiro a besiki K3,120. Sabata yatha ndinagwira maola 54, Lamlungu ndinagwiranso maola 5. Ndiwerengere bwanji ovataimu?"

Achimwene, choyamba tidziwe mtengo wa ola lanu limodzi, chifukwa zonse zikuchokera pamenepo. Lamulo la ntchito la Zambia la nambala 3 la chaka cha 2019, pa gawo 75, limati malipiro a besiki a pamwezi agawidwe ndi maola 208. Kwa inu, K3,120 kugawa ndi 208 ikutipatsa K15 pa ola. Alawansi ya nyumba, ya thiransipoti ndi ya chakudya chamasana musaziphatikizemo. Alonda okha ndiwo amagawa ndi 240, ndipo ovataimu yawo imayamba akapyola maola 60.

Tsopano pamene pamavuta ndi apa. Lamulo limakakamiza abwana kulipira ola ndi theka, kwa inu K22.50, pa maola opyola 48 pa sabata. Mwa maola anu 54, opyola malire amenewo ndi 6, ndiye K135 imeneyo ndi yanu popanda mkangano. Koma kontrakiti yanu imathera pa 45, choncho pali maola atatu otsala pakati, ndipo amenewa ndi amene amakanganitsa anthu.

Tengani kontrakitiyo muwerenge bwinobwino ndime ya ovataimu. Ngati inalembedwa kuti ola lililonse lopyola 45 lidzalipidwa ola ndi theka, abwana ayenera kutsatira zomwe anasainira, pakuti 48 ya m'lamulo siwaletsa kukupatsani zoposa. Pamenepo maola onse 9 mumachulukitsa ndi K22.50, ndalama ikhala K202.50. Ngati kontrakiti sinatchule mtengo, ine ndimalangiza kupempha K15 pa ola lililonse mwa atatuwo, yomwe ndi K45, chifukwa malipiro anu a pamwezi munagwirizana pa maola 45 basi. Zimandiwawa kuona maola amenewa akungomezedwa ngati sanagwiridwe, pamene munthu ananyamula matumba a simenti mpaka mdima.

Lamlungu muliwerengere palokha. Ngati ndi tsiku lanu lopuma, ola limalipidwa kawiri, K30, ndiye maola 5 ndi K150. Musawalowetsenso m'maola a mkati mwa sabata aja, kuopa kuwawerenga kawiri.

Ovataimu yanu yonse ikhala K352.50 ngati kontrakiti imati ola ndi theka liyambire pa 45, kapena K330 ngati sinatchule mtengo. Pesilipi ikabwera, gawani ndalama yomwe mwalipidwa pa maola opyola 48 okha ndi chiwerengero cha maolawo. Mukapeza K15 m'malo mwa K22.50, dziwani kuti theka lija lasiyidwa. Abwana akakana kukonza, pitani ku ofesi ya boma ya zantchito ku Chipata mutanyamula kontrakiti, pesilipi ndi kope lomwe mumalembamo nthawi yolowera ndi yowerukira tsiku lililonse.