Mawu akuti "ili bwinobwino" sagulitsa foni

"Ndimagulitsa mafoni akale pa intaneti kuno ku Ulongwe. Anthu amangofunsafunsa, osagula. Ndizilemba chiyani pansi pa chithunzi?"

Achimwene, munthu ali ku Moatize sangaigwire foniyo m'manja, ndiye amaopa batire ndi loko. Yambirani pamenepo.

Ngati ndi iPhone, tsegulani Settings > Battery > Battery Health, mulembe nambala yomwe mwaiona. Ikatsika pansi pa 80%, batireyo yatopa. Nenani, mutsitseko mtengo. Mafoni ambiri a Android saonetsa nambalayi, choncho itchajeni idzaze, muonerepo mavidiyo ola lathunthu, mulembe yomwe yatsala.

Za loko, ikanimo simu ya Movitel, kenako ya Vodacom, muimbe ndithu. Akaunti ya mwini wake wakale ichotsedwe musanaifufute foniyo, apo ayi idzamufunsa wogula mawu achinsinsi omwe alibe. Ine inandibwererapo pa chifukwa chimenechi, ndalama nditadya kale.

Mwachitsanzo: "iPhone 11, 64GB, batire 84%. Yalandira Movitel ndi Vodacom, iCloud yachotsedwa. Galasi silinasinthidwepo, koma lakalika pakona yakumanzere, onani chithunzi chachitatu. Tchaja palibe."

Kukalikako kujambuleni pafupi, panja masana.