Notisi ya miyezi itatu ndi tsiku loyamba ntchito yatsopano

"Ndachita bwino pa intaviyu ku Lilongwe, ndipo andiimbira kufunsa kuti ndingayambe liti. Vuto ndi lakuti kontilakiti yanga ya kuno ku Blantyre imati ndipereke notisi ya miyezi itatu. Ndiwayankhe bwanji kuti asandikayikire n'kutenga wina?"

Achemwali, musanawayankhe, tulutsani kaye kontilakiti yanuyo ndipo muwerenge ndime ya notisi mawu ndi mawu, chifukwa tsiku limene muwauze likuchokera m'menemo. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati munthu wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, koma poti inu munasainira miyezi itatu, muwerengere miyezi itatuyo. Chimene ambiri sachiona ndi pamene notisiyo imayambira. Makontilakiti ena amawerenga kuyambira tsiku limene mwapereka kalata, pomwe ena amayamba kuwerenga pa 1 mwezi wotsatira. Tiyerekeze kuti mwapereka kalata yosiya ntchito pa 17 Malichi. Mwa njira yoyamba mumaliza cha pa 16 Juni, koma mwa njira yachiwiri notisi iyamba pa 1 Epulo n'kutha pa 30 Juni. Masabata awiri amenewo ndi okwanira kukuonetsani ngati wabodza pamaso pa mabwana atsopano musanaponde n'komwe mu ofesi mwawo.

Mukadziwa zimenezi, yankho lanu likhale lalifupi ndipo likhale ndi tsiku lenileni. Mutha kunena kuti: "Kontilakiti yanga imafuna notisi ya miyezi itatu, ndipo ndidzaipereka ndikangolandira kalata yanu yondilemba ntchito. Kalatayo ikandipeza mwezi wa Malichi usanathe, ndidzayamba pa 1 Julayi." Mawu amenewa mukawanena pafoni, atumizeninso pa imelo tsiku lomwelo, kuti amene anakuimbirayo akhale ndi cholembedwa chokaonetsa kwa akuluakulu ake.

Onani kuti tsikulo ndalimangirira ku kalata yawo. Ndachita dala, chifukwa lonjezo la pafoni si ntchito ayi, ndipo ndakhala ndikuona anthu akutula pansi udindo pongomva kuti "mwapambana", kenako kalata n'kuchedwa miyezi iwiri iwo ali pakhomo opanda malipiro. Kumangirira chonchi kumawadziwitsanso mwaulemu kuti akachedwetsa kalata, tsiku lanu loyambira nalonso lisuntha.

Pa zaka zimene ndakhala ndikulemba anthu ntchito, kutalika kwa notisi sikunandikayikitsepo kwenikweni. Chimene chimandikayikitsa ndi yankho losinthasintha, monga munthu amene pa intaviyu anati mwezi umodzi, pafoni n'kuti "mwina iwiri", kenako n'kudzaulula kuti ndi itatu. Winanso amene amandidetsa nkhawa ndi uja woti "ndingayambe ngakhale mawa, kumeneko ndingochokako basi", chifukwa ndimaganiza kuti nanenso adzandisiya chimodzimodzi, ntchito ili pakati. Mawu akuti "tiona mmene zikhalire" nawonso musawayerekeze, popeza amamveka ngati mukufuna kalata yathu kuti mukaopsezere bwana wanu akuwonjezereni malipiro.

Akakuuzani kuti miyezi itatu yatalika, njira zofupikitsira zilipo, koma zonse zimadalira munthu wina kapena thumba lanu, choncho muzitchule ngati zoyesa, osati ngati lonjezo. Ngati muli ndi masiku a tchuthi amene simunatenge, mungapemphe kuti awachotsere ku notisi, ngakhale kuti abwana angakane n'kusankha kukulipirani masikuwo. Abwana angathenso kukumasulani msanga mukasiya ntchito m'manja mwa wina bwinobwino, ndipo akavomera muonetsetse kuti alemba. Kuchoka osamaliza notisi popanda chilolezo chawo kuli ndi mtengo wake, chifukwa lamulo lomwe lija limati mulipire ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi imene mwadumphayo. Ngati mumalandira K600,000 pamwezi ndipo mwadumpha miyezi iwiri, ndiye kuti muli ndi ngongole ya K1,200,000. Ngati akukufunani mwachangu choncho, si mwano kuwafunsa ngati angakulipirireni ndalamayo.

Choncho mungawonjezere chiganizo chimodzi chokha: "Ndidzapempha kuti andimasule msanga, ndipo ndidzakudziwitsani yankho lawo pasanathe sabata imodzi nditapereka notisi, koma tsiku limene ndikutsimikiza ndi 1 Julayi." Musaiwale kuti mukusamuka kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Ngati mukumaliza pa 30 Juni madzulo ndipo nyumba simunaipeze, katundu akadali m'makatoni, ndi bwino kunena tsiku la sabata yotsatira panopa kusiyana ndi kudzaimba foni yopepesa m'mawa wa pa 1 Julayi muli m'basi pa Zalewa.